Kuzungulitsa Tebulo la Manambala Popanda Kupanga Lina

Matirikisi ndi tebulo la manambala oyalidwa m'mizere yogona ndi mizere yoimirira. M'nkhani ino mzere wogona uzingotchedwa mzere, ndipo woimirira uzitchedwa mzati. Tebulo likakhala ndi mizere yochuluka mofanana ndi mizati, monga inayi kwa inayi, limakhala la sikweya. Chithunzi cha pa foni chimasungidwa mwa njira yomweyi: kadontho kalikonse ka mtundu, kotchedwa pikiselo, kali ndi mzere wake ndi mzati wake. Choncho kuzungulitsa chithunzi chimene chagona chammbali kuti chiimirire ndi ntchito yosamutsa manambala m'tebulo, iliyonse kupita pamalo pake patsopano.

Njira yosavuta ndi kutenga tebulo lachiwiri lopanda kanthu, n'kumakoperamo nambala iliyonse pamalo oyenera. Imagwira bwino ntchito, koma imadya malo owirikiza kawiri m'memole ya kompyuta. Chithunzi cha mapikiselo 4096 kwa 4096, pikiselo iliyonse ikamatenga mabaiti 4, chimafuna mabaiti oposa 67 miliyoni, ndipo tebulo lachiwiri lingafune enanso ochuluka chomwecho. N'chifukwa chake pali funso lakale m'maphunziro a zolemba mapulogalamu: kodi tebulo lingazungulitsidwe madigiri 90 m'malo ake omwewo, pogwiritsa ntchito kamalo kongokwana nambala imodzi yokha kosungirako mwakanthawi? Funsoli limapezeka kawirikawiri pa mayeso olembera anthu ntchito, ndipo pa LeetCode lili pa nambala 48, pansi pa dzina lakuti `Rotate Image`. Yankho lake lodziwika kwambiri lili ndi masitepe awiri: kusandutsa mizere kukhala mizati, kenako kutembenuza mzere uliwonse kuti kumapeto kukhale kumayambiriro.

Kumene nambala iliyonse iyenera kukathera

Musanakambidwe masitepewo, pafunika kudziwa chimene chikufunidwa. Nali tebulo la mizere inayi, ndipo kumanja kwake kuli momwe liyenera kuonekera likazungulira madigiri 90 motsata mivi ya wotchi:

```
 1  2  3  4        13  9  5  1
 5  6  7  8   ->   14 10  6  2
 9 10 11 12        15 11  7  3
13 14 15 16        16 12  8  4
```

Mzere wapamwamba, wa 1, 2, 3, 4, wasanduka mzati wakumanja kwenikweni, wowerengedwa chotsika. Mzere wapansi wasanduka mzati wakumanzere. Nambala 1, imene inali pa ngodya yapamwamba kumanzere, tsopano ili pa ngodya yapamwamba kumanja.

Zilankhulo zambiri za pakompyuta, monga C, Java ndi Python, zimayamba kuwerenga pa 0 osati pa 1. Mzere woyamba ndi mzere 0, ndipo m'tebulo la mizere `n` womaliza ndi `n-1`. Malo a nambala amalembedwa `(i, j)`, pamene `i` ndi mzere ndipo `j` ndi mzati. Lamulo la kuzungulira motsata wotchi likunena kuti nambala ya pa `(i, j)` ikathere pa `(j, n-1-i)`. Nambala 8 ikhoza kuyesa lamuloli. Ili pa mzere 1, mzati 3. Iyenera kupita pa mzere 3, ndipo mzati wake ukhala 4 kuchotsa 1 kuchotsanso 1, umene ndi 2. Mzere wapansi wa tebulo lozungulitsidwa ndi 16, 12, 8, 4, ndipo 8 alidi pa mzati 2.

Lamuloli likuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Likusinthanitsa `i` ndi `j`, komanso likuwerenga imodzi mwa izo kuchokera kumapeto. Nzeru yonse ya njirayi yagona pa kulekanitsa zinthu ziwirizi, chifukwa chilichonse pachokha chimatheka mwa kungosinthanitsa manambala awiriawiri, ndipo kusinthanitsa manambala awiri sikufuna tebulo lina.

Sitepe yoyamba: thiransipozi

Kusandutsa mizere kukhala mizati akatswiri a masamu amakutcha thiransipozi. Nambala ya pa `(i, j)` imapita pa `(j, i)`, ndipo imene inali pamenepo imabwera pamalo pa inzakeyo. Pali manambala ena amene sasuntha konse, omwe mzere wawo ndi mzati wawo zili ndi nambala yofanana. M'tebulo lija ndi 1, 6, 11 ndi 16. Amapanga mzere wopendekera wochoka pa ngodya yapamwamba kumanzere kukafika pa ngodya yapansi kumanja, wotchedwa dayagonolo yaikulu. Nambala iliyonse ya pamwamba pa dayagonolo ili ndi inzake pansi pake, ndipo ntchito ndi kuzisinthanitsa.

Pa mzere woyamba, 2 asinthana ndi 5, 3 asinthana ndi 9, ndipo 4 asinthana ndi 13. Pa mzere wachiwiri sipafunikanso kukhudza chimene chili kumanzere kwa 6, poti chasinthidwa kale. 7 asinthana ndi 10, ndipo 8 asinthana ndi 14. Pa mzere wachitatu pangotsala 12 ndi 15. Mzere womaliza ulibe ntchito. Kusinthanitsa konse kwachitika maulendo 6, ndipo tebulo likuoneka chonchi:

```
 1  5  9 13
 2  6 10 14
 3  7 11 15
 4  8 12 16
```

Tebulo ili silinazungulire. Mzere wa 1, 2, 3, 4 wasandukadi mzati, koma uli kumanzere pamene ukufunika kumanja. Chithunzi chosiyidwa pa sitepe imeneyi chimaoneka chogona chammbali komanso chotembenuka ngati cha pa galasi, moti zilembo zake sizingawerengeke ngakhale munthu atapendeketsa mutu.

Sitepe yachiwiri: kutembenuza mzere uliwonse

Sitepeyi ndi yaifupi. Pa mzere uliwonse, nambala yoyamba isinthana ndi yomaliza, yachiwiri ndi yachiwiri kuchokera kumapeto, mpaka kufika pakati. Mzere wa 1, 5, 9, 13 ukhala 13, 9, 5, 1. Wa 4, 8, 12, 16 ukhala 16, 12, 8, 4. Pamachitika kusinthanitsa kawiri pa mzere, kasanu n'katatu pa tebulo lonse, ndipo zotsatira zake ndi tebulo lija limafunidwa. Nambala 8 inachoka pa `(1, 3)` kupita pa `(3, 1)`, kenako pa `(3, 2)`, monga momwe lamulo linanenera. Mizere ikakhala yosagawika pawiri, monga itatu kapena isanu, nambala yapakati pa mzere imangokhala pomwepo.

M'chilankhulo cha Python zonsezi zimalembedwa motere:

```python
def zungulitsa(a):
    n = len(a)
    for i in range(n):
        for j in range(i + 1, n):
            a[i][j], a[j][i] = a[j][i], a[i][j]
    for mzere in a:
        mzere.reverse()
```

Pamalo pofunika kuyang'anitsitsa ndi `i + 1`. Pamenepo ndi pamene pakuuza pulogalamu kuti iyende pamwamba pa dayagonolo pokha.

Chifukwa chake zimatheka

Kuti njirayi siyodalira mwayi zimaoneka bwino ndi pepala la sikweya lolembedwa manambala pa ngodya zake zinayi, kutsogolo ndi kuseri komwe. Munthu akagwira ngodya yapamwamba kumanzere ndi yapansi kumanja n'kuligadabuza, ngodya ziwirizo sizisuntha koma zinazo zimasinthana. Imeneyo ndiyo thiransipozi. Akaligadabuzanso kuchokera kumanzere kupita kumanja, nkhope yoyamba ija imabwereranso pamwamba, koma pepalalo lazungulira gawo limodzi mwa magawo anayi a bwalo.

Masamu a jometiri amafotokoza zimenezi ndi lamulo limodzi: kugadabuza kawiri, pa mizere iwiri yodutsana, n'chimodzimodzi ndi kuzungulitsa, ndipo kukula kwa kuzungulirako ndi kuwirikiza kawiri ngodya ya pakati pa mizereyo. Dayagonolo ya sikweya ndi mzere woimirira wodutsa pakati pake zimapanga ngodya ya madigiri 45. Kuwirikiza kawiri kumapereka 90.

Lamulo lomweli limanenanso kuti kumene pepala lizungulirire kumadalira kugadabuza kumene kwayamba. Kutembenuza mizere kukachitika poyamba, thiransipozi pambuyo, nambala ya pa `(i, j)` imapita pa `(i, n-1-j)` kenako pa `(n-1-j, i)`, ndipo tebulo lazungulira motsutsana ndi wotchi. Masitepe ndi omwewo, koma yankho ndi lina. Palinso msampha m'mawu akuti "kutembenuza mizere", chifukwa angatanthauze zinthu ziwiri: kutembenuza zam'kati mwa mzere uliwonse, kapena kusintha ndondomeko ya mizereyo kuti wapansi ukhale pamwamba. Thiransipozi yotsatiridwa ndi tanthauzo loyamba imazungulitsa motsata wotchi. Yotsatiridwa ndi tanthauzo lachiwiri imazungulitsa motsutsana ndi wotchi. Kuloweza zonsezi pamtima n'kudzivutitsa. Kutsatira ngodya imodzi yokha, kuona kumene 1 wathera, kumathetsa nkhaniyo mwachangu.

Sikweya ingaikidwe pamalo ake m'njira zisanu ndi zitatu zokha: zinayi zozungulitsa, kuphatikizapo kuisiya momwe ilili, ndi zinayi zogadabuza. Sizangozi kuti chizindikiro cha kaimidwe ka chithunzi chimene makamera amalemba m'mafayilo a JPEG, mu gawo lotchedwa Exif, chili ndi manambala kuyambira 1 mpaka 8. Foni nthawi zambiri siisuntha mapikiselo ikajambula. Imangolemba nambala yonena momwe chithunzicho chiyenera kuonetsedwera, ndipo pulogalamu yosawerenga nambalayo ndi imene imaonetsa anthu atagona chammbali.

Zolakwika zofala ndi zizindikiro zake

Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti cholakwika chilichonse chimasiya chizindikiro chakechake. Tebulo laling'ono la manambala 1 mpaka 9 likwanira kuzionetsa. Likazungulira bwino, mizere yake iyenera kukhala 7 4 1, kenako 8 5 2, kenako 9 6 3.

Cholakwika chofala kuposa zonse ndi kuyambitsa `j` pa 0 m'malo mwa `i + 1`. Pulogalamu ikafika pa `(0, 1)` imasinthanitsa 2 ndi 4, ndipo ikadzafika pa `(1, 0)` imawasinthanitsanso, n'kubwerera pomwe anali. Thiransipozi yadzifafaniza yokha. Chotsala ndi sitepe yachiwiri basi, ndipo yankho limatuluka 3 2 1, 6 5 4, 9 8 7. Chizindikiro chake n'chakuti nambala iliyonse idakali pa mzere wake wakale. Kuyambitsa `j` pa `i` sikuwononga kanthu, kumangochititsa manambala a pa dayagonolo kusinthana ndi iwo eni.

Cholakwika chofanana nacho chimachitika kwa wolemba yekha lupu yotembenuzira mzere, monga zimakhalira mu C. Lupuyo iyenera kuima pa theka la mzere, pa `n / 2`. Ikayenda mpaka kumapeto, manambala awiri alionse amasinthana kawiri ndipo mzere umabwerera mwakale. Yankho limakhala 1 4 7, 2 5 8, 3 6 9, ndiye kuti thiransipozi yokha. Mu Python zotsatira zomwezi zimabwera mwa njira ina: kulemba `mzere = mzere[::-1]` m'kati mwa lupu kumapanga mzere watsopano n'kuupatsa dzinalo, koma tebulo lenilenilo silikhudzidwa. Lamulo la `mzere.reverse()` ndi limene limasintha mzere pamalo pake.

Choopsa kwambiri ndi kusinthanitsa popanda posungira. Munthu akalemba mizere iwiri iyi, akuganiza kuti wasinthanitsa:

```c
a[i][j] = a[j][i];
a[j][i] = a[i][j];
```

Mzere woyamba wafafaniza kale nambala imene inali pa `(i, j)`, ndiye wachiwiriwo ukungokopera nambala yomweyo kubwerera kumene inachokera. Yankho limatuluka 7 4 1, 8 5 4, 9 8 7. Mzere wapamwamba uli bwinobwino, ndipo wongoyang'ana pamenepo akhoza kukhutira. Koma 2, 3 ndi 6 asowa, pamene 4, 7 ndi 8 akuoneka kawiri. Zolakwika ziwiri zoyamba zija zimangoika manambala pamalo olakwika, moti angathe kubwezedwa. Ichi chimawataya, ndipo popeza ntchitoyi imachitikira m'tebulo lomwelo, palibenso kwina kokawatenga. Mankhwala ake ndi kamalo kamodzi kosungirako: nambala yoyamba isungidwe kaye pambali, yachiwiri ilowe m'malo mwake, kenako yosungidwayo ipite kumene kwachoka yachiwiri.

Kayesedwe nakonso kamanyenga. Tebulo lokhala ndi manambala obwerezabwereza, kapena limene mbali ziwiri za dayagonolo zikufanana kale, limabisa zolakwika za thiransipozi, chifukwa kusinthanitsa manambala ofanana sikuonetsa kanthu. Tebulo loyesera liyenera kukhala ndi manambala osiyana onse. Ambiri amakonda kuzungulitsa kanayi n'kuona ngati tebulo labwerera mwakale. Mayeso amenewa ndi ofooka: pulogalamu yozungulitsira kolakwika imakhoza, yongogadabuza ngati galasi imakhoza, ngakhale yosachita chilichonse imakhozanso. Mayeso odalirika ndi kusunga kope la tebulo laling'ono n'kutsimikiza kuti nambala iliyonse ya pa `(i, j)` yafika pa `(j, n-1-i)`, poyesa matebulo a mzere umodzi, iwiri, itatu ndi inayi, kuti ogawika pawiri ndi osagawika omwe ayesedwe.

Mtengo wake

Thiransipozi imasinthanitsa maulendo `n(n-1)/2`, ndipo kutembenuza mizere kumafuna `n/2` pa mzere uliwonse. Pa tebulo la mizere 1000, ndiye kuti maulendo 499,500 kuphatikiza 500,000. Ntchito imakula molingana ndi chiwerengero cha manambala onse, moti kuwirikiza kawiri mbali ya tebulo kumawirikiza ntchito kanayi. Palibe njira yosamutsadi manambala imene ingathawe kakulidwe kameneka, popeza pafupifupi nambala iliyonse iyenera kuchoka pamalo pake.

Ilipo njira ina yochitira ntchitoyi pa ulendo umodzi. Kuzungulitsa kumagawa manambala m'magulu a anayianayi othamangitsana. M'tebulo la mizere inayi lija, 1 amapita pa malo a 4, 4 pa malo a 16, 16 pa malo a 13, ndipo 13 pa malo a 1. Magulu enawo ndi 2, 8, 15, 9, kenako 3, 12, 14, 5, ndi lam'kati la 6, 7, 11, 10. Njira imeneyi imalemba m'tebulo maulendo 16 okha, pamene ya masitepe awiri imalemba maulendo 28. Pa chiwerengero chokha, ya magulu anayi yapambana. Koma imafuna kulemba molondola malo anayi okhala ndi `n-1-i` ndi `n-1-j` osakanikirana, pamodzi ndi malire a malupu osavuta kuphonya, ndipo anthu amalakwitsa pamenepo kawirikawiri. Pa khodi imene ena adzaiwerenga ndi kuikonza, njira ya masitepe awiri ndi yabwino kuposa inzakeyo, chifukwa sitepe iliyonse ingayesedwe payokha.

Pa matebulo aakulu, chimene chimachedwetsa si kuchuluka kwa kusinthanitsa koma kayalidwe ka memole. Mu C tebulo limasungidwa mzere ndi mzere motsatizana. Purosesa siitenga nambala imodziimodzi ku memole. Imatenga kachigawo, kawirikawiri ka mabaiti 64, n'kukasunga pafupi m'kamemole kothamanga kotchedwa kashe. Kuyenda motsatira mzere kumapindula nazo, chifukwa kachigawo kamodzi kamabweretsa manambala 16 a mabaiti 4 oyandikana. Sitepe yotembenuza mizere imayenda motero. Thiransipozi ndiyo imavutika: pamene `a[i][j]` ikuyenda motsatira mzere, `a[j][i]` ikutsika mzati, ndipo m'tebulo la mizere 4096 sitepe iliyonse yotsika imalumpha mabaiti 16,384. Kachigawo kalikonse kobwera kamagwiritsidwa ntchito pa nambala imodzi, ndipo kangathe kutayidwa kasanafunikenso. Mapulogalamu ofuna liwiro amagawa tebulo m'timabokosi ting'onoting'ono, monga ta 16 kwa 16 kapena 32 kwa 32, n'kumamaliza kabokosi ndi kanzake ka kutsidya kwa dayagonolo zisanachoke m'kashe. Masamu ake sasintha, chimasintha ndi ndondomeko yoyendera basi.

Pamene njirayi imalekezera

Zonsezi zimadalira kuti tebulo likhale la sikweya. Tebulo la mizere iwiri ndi mizati itatu likazungulira limakhala la mizere itatu ndi mizati iwiri, ndipo malo ngati `(0, 2)` alibe anzake `(2, 0)` osinthana nawo. Khodi ili pamwambayi ikapatsidwa tebulo lotero, lalitali m'mbali, siidandaula pa thiransipozi. Imangosinthanitsa mbali imodzi n'kutulutsa zosokonekera. Likakhala lalitali chotsika, Python imaima ndi uthenga wa `IndexError`, pamene C ikhoza kuwerenga ndi kulemba pamalo olakwika m'memole osanena kanthu. Ndi bwino kuti pulogalamu iyambe yatsimikiza kuti mzere uliwonse uli ndi manambala `n`.

Thiransipozi ya tebulo losakhala sikweya imathekabe m'malo omwewo ngati manambala ali mu mndandanda umodzi wautali, koma sikhalanso nkhani ya awiriawiri. Tebulo la 1 2 3 pamwamba ndi 4 5 6 pansi limasungidwa ngati 1 2 3 4 5 6, ndipo liyenera kukhala 1 4 2 5 3 6. Apa 2 amapita pa malo a 3, 3 pa malo a 5, 5 pa malo a 4, ndipo 4 pa malo a 2. Utali wa maunyolo oterewa umasintha malinga ndi kukula kwa tebulo, ndipo pafunika njira yodziwira amene atsatiridwa kale. Pa zithunzi zambiri, zimene sizikhala za sikweya, kukopera m'tebulo lachiwiri ndi kumene kumachitika nthawi zambiri.

Amene akugwiritsa ntchito NumPy ali ndi `numpy.rot90`, koma ayenera kudziwa zinthu ziwiri za lamuloli. Likangoitanidwa popanda zina limazungulitsa motsutsana ndi wotchi, choncho wofuna kutsata wotchi alembe `k=-1`. Komanso silisamutsa manambala m'memole: limabweza njira yatsopano yowerengera manambala omwewo, moti kusintha nambala m'tebulo lozungulitsidwalo kumasinthanso tebulo loyamba.